Sinyinda Anasankha Tambula Yayitali

Nasilele anali m'chaka chachiwiri cha maphunziro a saikoloje, maphunziro a momwe munthu amaganizira. Ku koleji ankapitako masabata awiri okha pa teremu, ndipo nthawi yotsalayo ankawerengera kunyumba kwa mlongo wake wamkulu, Mwanamwalye, ku Maramba m'tauni ya Livingstone. Mwanamwalye ankayendetsa minibasi yonyamula alendo kuchokera ku bwalo la ndege kupita nawo ku mahotela. Mkazi wake, Gladys, ankagulitsa nsomba zouma pa msika wa Maramba. Anali ndi ana atatu: Inonge wa zaka khumi ndi zinayi, Sinyinda wa zaka khumi ndi chimodzi, ndi kamwana ka miyezi isanu ndi inayi, Litia.

M'mwezi wa Okutobala mphunzitsi wake anapereka ntchito. Aliyense apeze ana anayi amisinkhu yosiyana, awayese ndi timasewera tina, alembe zimene waona. Nasilele anali ataloweza kale magawo anayi a kakulidwe ka nzeru za mwana. Mpaka zaka ziwiri, mwana amadziwa dziko pogwira, poyang'ana ndi poika zinthu m'kamwa. Kuchokera pamenepo mpaka zaka ngati zisanu ndi ziwiri amayankhula, amasewera zoyerekezera, koma amakhulupirira zimene maso ake amuuza ndipo amayang'ana mbali imodzi yokha ya chinthu. Kenako imafika nthawi imene amatha kubweza chinthu m'mutu mwake, bola chikhale chinthu chooneka ndi chogwirika. Gawo lomaliza, limene limayamba cha ku zaka khumi ndi ziwiri, ndi la kuganiza za zinthu zimene palibe, zimene zingachitike kapena zikanachitika. Ntchitoyo anaiona yophweka, chifukwa ana anali pakhomo pomwepo, ndipo mayi wa nyumba yoyandikana nayo anavomera kumubwereka ana ake awiri, Jethro wa zaka zinayi ndi Miyoba wa zaka zisanu ndi zitatu.

Loweruka masana anayala mphasa pakhonde. Kunali kotentha moti malata ankangolira okha. Anayamba ndi Litia. Anamuonetsa supuni, mwanayo naitambasulira manja, ndipo Nasilele anaiphimba ndi chitenje. Litia anakoka chitenjecho, natenga supuni, naiika m'kamwa. Miyezi inayi m'mbuyomo sakanaifunafuna, chifukwa kwa iye chinthu chikabisika chinali chitatha. Nasilele anabwereza katatu, kenako anabisa supuniyo pansi pa thaulo limene linali pambali, Litia akuona. Mwanayo anakokanso chitenje choyamba chija, ndipo atapeza palibe kanthu analira. Nasilele analemba mokondwa, chifukwa ana a msinkhu umenewo amaterodi.

Jethro anamuikira mizere iwiri ya zitsekero za mabotolo, zisanu ndi chimodzi mzere uliwonse. Mwanayo anavomera kuti ndi zofanana. Nasilele atatalikitsa mzere umodzi, Jethro anati wautaliwo ndiye uli ndi zambiri. Kenako anathira maheu ofanana m'matambula awiri ofanana, natenga imodzi n'kukhuthulira m'tambula ina yayitali, yopyapyala. Jethro analoza yayitaliyo asanafunsidwe n'komwe. Miyoba anaseka mng'ono wakeyo. Iye atafunsidwa anayankha mosavuta kuti maheu ndi omwe aja, palibe amene wawonjezera kapena kumwako, ndipo akabwezedwa m'tambula yoyamba afika pomwe anali.

Sinyinda sanali pa mndandanda, chifukwa gawo lachitatu linali litadzazidwa kale ndi Miyoba. Koma anali atakhala pa sitepe nthawi yonseyi, akuyang'ana maheu, ndipo anapempha kuti nayenso asewere. Anali mnyamata wamtali, wofatsa, wokonda kuseka. Nasilele anamuthirira mongofuna kuti asadandaule, cholembera atachiika kale pansi.

"Yalingana?" anamufunsa.

"Yalingana, ba anti."

Anakhuthulira m'tambula yayitali ija.

"Manje?"

Sinyinda anawerama, anayang'ana bwinobwino, naloza yayitali. "Iyi ndiye ili na yambiri."

Miyoba anayambanso kuseka, koma anasiya ataona kuti palibe wina akuseka. Nasilele anaganiza kuti mnyamatayo akuchita dala. Anabweza maheu aja m'tambula yoyamba, ndipo Sinyinda anati tsopano alingananso. Anakhuthuliranso, ndipo iye anati achuluka. Atamufunsa kumene owonjezerawo achokera, anayankha kuti akwera pamwamba. Sankaseka. Ankayankha ndi mtima wonse, akuyembekeza kuyamikiridwa. Pa zitsekero napo anati mzere wautali uli ndi zambiri. Nasilele anamuuza kuti awerenge, ndipo anawerenga bwino, zisanu ndi chimodzi uku, zisanu ndi chimodzi uku, koma anabwerezabe kuti wautaliwo uli ndi zambiri.

Nasilele anamupatsa matambula onse awiri a maheu, nabweza ana a eni aja kwawo. Inonge, amene anali akutsuka mbale pafupi ndi diramu la madzi, anali ataona zonse.

Tsiku lotsatira Nasilele anayesa Inonge. Anamangirira chingwe pa mtanda wa khonde, namupatsa manati atatu a galimoto olemera mosiyana, n'kumufunsa chimene chimachititsa kuti chinthu cholendewera chizipita uku ndi uku mofulumira. Mtsikanayo anaganiza kaye. Anati chingakhale kulemera, kapena kutalika kwa chingwe, kapena mphamvu yokankhira, ndipo kuti adziwe ayenera kusintha chimodzi chokha zinazo n'kuzisiya momwe zilili. Anayesa kwa theka la ola, napeza kuti ndi kutalika kwa chingwe. Nasilele anamuyamikira. Inonge, akumasula chingwe chija, anafunsa ngati zimene Sinyinda anachita dzulo zilembedwa nazo. Nasilele anayankha kuti sanaganizebe.

Sabata yonseyo sanamve bwino. Ankadziwa kuti zaka za m'buku si lamulo, kuti ana ena amachedwa chaka kapena ziwiri malinga ndi sukulu ndi zimene amazolowera kuchita pakhomo. Ankadziwanso kuti mwana akafunsidwa funso lomwelo kawiri ndi munthu wamkulu, nthawi zina amasintha yankho poganiza kuti loyamba linali lolakwa. Choncho anayesanso mwa njira zina. Anafunsa m'Chilozi, chimene Sinyinda ankayankhula ndi mayi ake. Anafunsa kamodzi kokha. Tsiku lina anatenga dongo, naumba mipira iwiri yofanana, namupatsa Sinyinda kuti aphwatalitse umodzi ndi manja ake omwe. Mnyamatayo anaphwatalitsa, nati wophwatalalawo wachuluka. Anapita nayenso ku msika, kumene anakulira akuona mayi ake akuunjika nsomba. Gladys atamwaza mulu umodzi pa thumba kuti achotse zophwanyika, Sinyinda anauza anti ake kuti akanakhala wogula akanatenga womwazikawo.

Kenako anapempha kuona mabuku ake a sukulu. Sinyinda anali mu Giredi 5, m'kalasi ya ana opitirira makumi asanu ndi awiri. Zolemba zake zinali zaudongo, zokopera pa bolodi chilembo ndi chilembo. Matebulo ochulukitsa manambala ankawaimba mpaka la seveni osaphonya. Koma Nasilele atamuuza kuti faivi kuphatikiza fili ndi eyiti, namufunsa kuti eyiti kuchotsa fili ndi zingati, mnyamatayo anayang'ana kudenga, nayamba kuimba tebulo la fili. Masamu onse a mawu anali ndi mtanda wofiira.

Mitanda yofiirayo Mwanamwalye ankaidziwa. Lamlungu lililonse akabwera kuchokera ku tchalitchi ankaitanitsa mabuku, ndipo kawirikawiri zinkathera pa lamba. Iye ankati mwanayo ndi wanzeru koma waulesi, umboni wake ndi matebulo aja, komanso kuti amadziwa ndege iliyonse imene imatera pongomva kulira kwake. Ankati mwana wake sadzakhala wonyamula zikwama za alendo ngati iye. Adzakhala mkati mwa bwalo la ndege, atavala tayi.

Nasilele anayamba ndi Gladys. Anamupeza pa benchi lake dzuwa litapendeka, ogula atachepa, Litia ali kumsana. Anafotokoza mozungulira, akuopa. Gladys anamvetsera akuingitsa ntchentche ndi katoni. Nasilele atatha, Gladys anati palibe chachilendo chimene wamva. Sinyinda ali ndi zaka zitatu, iwo akali ku Senanga, anadwala malungo amene anakwera kumutu. Anakomoka masiku anayi, akugwedezeka thupi lonse. Atadzuka anali ataiwala mawu amene ankadziwa, ndipo anayambanso kuyankhula patapita miyezi. Namwino wina anawauza kuti azimuyang'anira pamene akukula. Mwanamwalye anati mwana wachira, Mulungu wayankha, nkhaniyo ithere pomwepo.

"Nimamutuma na chintu chimodzi chabe, mulamu," anatero Gladys. "Nikamuuza viwiri, amabwera alibe kanthu. Nadziwa kudala. Koma nani angauze batate bake?"

Nasilele anati sangathe kunena kuti vuto ndi chiyani, chifukwa iye ndi wophunzira chabe, ndipo matambula si chipatala. Chimene akanatha kunena n'chakuti mwana wa zaka khumi ndi chimodzi amayembekezeka kukhala atadutsa pamenepa kalekale, ndipo m'pofunika kuti amuone anthu odziwa kuyesa ana. Gladys anati zimenezo akauze mlongo wake yekha.

Anamuuza Lamlungu, mabuku asanaitanitsidwe. Mwanamwalye anali akutsuka minibasi panja pa mpanda. Anamvetsera mpaka pakati, kenako anaponya chinsanza mu ndowa. Anati anamulandira m'nyumba mwake kuti aphunzire, osati kuti azisandutsa ana ake zinthu zoyeserapo. Anati zaka ziwiri za mabuku zamupangitsa kuona matenda paliponse. Nasilele sanatsutse. Anangomupempha kuti ayese yekha, iye asakhalepo.

Mwanamwalye analowa m'nyumba ndi ukali womwewo, naitana Sinyinda. Nasilele anatsala panja ndi ndowa. Kudzera pa zenera anamva matambula akugundana, madzi akuthiridwa, mawu a mlongo wake akufunsa, ndi mawu a mnyamata akuyankha mwamantha. Anamva funso likubwerezedwa mokweza. Kenako anamva Mwanamwalye akufotokoza pang'onopang'ono kuti madzi ndi omwewo, aone bwino, palibe chawonjezedwa. Sinyinda anavomera kuti ndi omwewo. Bambo ake atafunsa kuti nanga iye angasankhe iti atakhala ndi ludzu kwambiri, mnyamatayo anati yayitali, ndipo kenako Mwanamwalye anatuluka. Nkhope yake inali itagwa. Anatola chinsanza chija, napitiriza kupukuta galasi limene linali louma kale. Tsiku limenelo mabuku sanaitanitsidwe.

Panapita masabata asanu kuti apeze tsiku ku chipatala. Anapita Gladys, Nasilele ndi Sinyinda, chifukwa Mwanamwalye anati ali ndi alendo oti akawatenge. Mayi amene anamuyesa anakhala naye maola awiri, ndi zithunzi, timatabwa ndi mafunso, ndipo anafunsa Gladys zambiri za momwe mwanayo amadzisamalira pakhomo. Anawatumizanso kukayezetsa makutu ndi maso, ndipo zonsezo zinapezeka zili bwino. Atabwerera ulendo wachiwiri, mayiyo anawauza kuti nzeru za Sinyinda zikukula pang'onopang'ono kusiyana ndi za anzake, ndipo mwina malungo aja ndiwo anachititsa, ngakhale palibe angatsimikize. M'zinthu zambiri ankaganiza ngati mwana wa zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Anati adzapitiriza kuphunzira, makamaka akamaphunzitsidwa ndi zinthu zogwira m'manja, ndipo za matambulazo mwina adzazimvetsa patsogolo. Koma masamu a zilembo ndi maganizo a zinthu zosaoneka, amene sukulu ya sekondale imafuna, anati asayembekezere kwambiri. Analemba kalata yoti apite ku kalasi ya ana ofunika chithandizo chapadera, pa sukulu ina kutsidya kwa tauni.

Mwanamwalye anawerenga kalatayo kawiri, naipinda, naipereka kwa mkazi wake. Sanamumenyenso Sinyinda kuyambira tsiku limenelo. Koma anasiyanso zina. Kale Loweruka ankamutenga pa mpando wakutsogolo kuti akaone ndege zikutera. Tsopano ankanyamuka mwanayo asanadzuke. Akakhala pakhomo ankamuyankhula mofatsa, mawu awiri atatu, ngati mwana wa mlendo, maso ali pa foni.

Sinyinda anaona kusinthako, ndipo anakupezera chifukwa chake. Lamlungu lina masana Nasilele anamupeza kuseri kwa nyumba ali ndi matambula atatu aja, akuthira madzi uku ndi uku, malaya atanyowa. Anamufunsa chimene akuchita.

"Nifuna kudziwa yamene niyenera kukamba," anatero mnyamatayo. "Badadi banakalipa chifukwa ninasankha yoipa. Niuzeni chabe, ba anti. Nizakamba yamene iyo."

Nasilele anagwada pambali pake. Anamuuza kuti bambo ake sanakwiye ndi iye, ndipo sanalakwe kanthu. Sinyinda anagwedeza mutu ngati wavomera, koma anafunsanso ngati ndi yayifupi. Kwa iye zinthu ziwiri zinachitika motsatana, matambula kenako kusiyidwa, ndiye kuti chimodzi chinabala chinzake. Nasilele ankadziwa dzina la kaganizidwe kameneka, anali atakalemba pa mayeso n'kukhoza. Anamulanda matambula aja mofatsa, nakawaika pamwamba pa kabati.

Madzulo ake anauza mlongo wake zimene anaona. Mwanamwalye anati akamuyang'ana mwanayo amakumbukira Lamlungu lililonse limene anamukwapula chifukwa cha chinthu chimene sakanatha kuchita, zaka zinayi zathunthu, ndipo sadziwa poika maso ake. Nasilele anati mwanayo sakufuna maso, akufuna mpando wakutsogolo. Mwanamwalye anati wamva. Loweruka lotsatira anamutengadi, ndipo Sinyinda anabwera akusimba za ndege yoyera ya mapiko aafupi. Loweruka linalo Mwanamwalye ananyamukanso yekha.

Amene anamufunsa Nasilele funso lovuta anali Inonge. Anali awiri pa mpopi m'mawa, akudikira kuti madzi abwere. Mtsikanayo anati wakhala akuganiza. Ngati Sinyinda sadzalemba mayeso, ntchito ya pepala sadzaipeza. Ngati sadziwa kuti mulu womwazika ndi womwewo, pa msika anthu adzamubera. Bambo ndi mayi ake adzakalamba, ndipo Litia ndi wamng'ono kwambiri. Iye ankafuna kukaphunzira za mankhwala ku Lusaka kapena ku Ndola, zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo pambuyo pake boma limatumiza munthu kulikonse.

"Ndiye kuti ni ine, ba anti?"

Nasilele anati zaka zikadalipo zambiri, zinthu zimasintha, Sinyinda adzaphunzira ntchito ya manja. Inonge anati zimenezo anaziganizira kale, ndipo ngakhale atadziwa ntchito, adzafunikabe munthu womuyang'anira. Anafunsanso chimene chikanachitika akanakhala kuti anti ake sanathire maheu tsiku lija. Anadziyankha yekha kuti Sinyinda akanakhala yemweyo, akanangopitiriza kumenyedwa, ndipo iye akanadziwabe tsiku lina. Anati sakumuimba mlandu. Madzi anayamba kudontha, ndipo anasuntha chigubu chake.

Nasilele analemba ntchito yake ndi ana anayi amene anakonza poyamba, mayina atawasintha monga mwa lamulo. Za Sinyinda analemba masamba awiri, kenako anawachotsa, chifukwa analibe chilolezo cha mayi ake choti alembedwe ndipo iye sanafune kuwapempha. Mphunzitsi anamupatsa malikisi abwino, nalemba m'mphepete kuti zitsanzo zake zikugwirizana bwino ndi zimene anaphunzira m'kalasi.

Mu Januwale, mvula ikugwa, Sinyinda anayamba kalasi yatsopano. Munali ana khumi ndi asanu ndi mphunzitsi mmodzi, ndipo ankawerengera ndi miyala ndi timitengo. Masiku oyamba analira, akufunsa chifukwa chake anzake a Giredi 6 sali momwemo. Mwezi womwewo Mwanamwalye anavomera ntchito yoyendetsa alendo pakati pa Kazungula ndi Sesheke, imene inkamubweretsa kunyumba kawiri pa mwezi. Anati ndi ntchito yabwino kuposa yakale, ndipo palibe anamutsutsa. Nasilele anaitanidwa ku Choma miyezi itatu kukaphunzira ntchito pa chipatala.

Gladys ankayenera kufika pa msika m'mamawa nsomba zikamatsitsidwa, ndipo Sinyinda sakanatha kusintha minibasi yekha m'tauni. Choncho Inonge ndiye ankamuperekeza, n'kubwerera ku sukulu yake phunziro loyamba litatha. Nasilele ataimba foni kuchokera ku Choma, anafunsa kuti phunziro loyambalo ndi lanji. Inonge anati ndi sayansi masiku atatu pa sabata, koma amakopera kwa mnzake nthawi yopuma. Kenako anati foni aipereka kwa Sinyinda, chifukwa wakhala akudikira kuti auze anti ake kuti lero wagawa miyala khumi kwa anthu awiri, ndipo palibe amene wadandaula.